Amayi awiri atukwanana pa banki mmudzi, ine wapampando nditani?

NaNkhoma wa ku Lizulu:
Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Ndine wapampando wa banki mmudzi yathu kuno kufupi ndi Lizulu, tilipo amayi 22, timakumana Lachinayi lililonse. Sabata yathayi amayi awiri anayambana pamaso pa gulu mpaka msonkhano unathera panjira. Mayina sinditchula. Wina amachita geni ya mbatatesi, winayo ali ndi kagolosale.

Wa mbatatesiyu anakongola K90,000. Chiwongola dzanja kwathu ndi K20 pa K100 iliyonse pa mwezi, ndiye mwezi utatha amayenera kubweza K108,000. Mitengo inagwa pamsika, anangopeza K40,000. Ndalamayo anakaisiya kunyumba kwa msungichuma madzulo chifukwa Lachinayi limenelo anali ku maliro, ndipo inalowa m'buku patapita sabata. Tsono Lachinayi lapitali wa golosale amafuna kukongola K100,000 yokaoda katundu, m'bokosi munalibe yokwanira. Anangoimirira n'kunena kuti "ena mukudya ndalama zathu usiku ndi asungichuma." Mnzakeyo anayankha kuti "wakuba ndine kapena amuna ako amene mudzi wonse ukuwadziwa?" Basi moto unabuka. Ine ndinakuwa kuti nonse khalani pansi, nonse mwalakwa. M'malo mozizira zinangokula. Wa mbatatesi potuluka anati "uona."

Chinanso chimene chikundivuta, wa mbatatesiyu ndi mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga. Lachinayi likubwerali ndikayambire pati kuti gulu lisaphwasuke? Kugawana kwathu ndi mu Disembala.

Mnyamata wa ku Ntcheu boma:
Amayi, nkhaniyi ndi yosavuta. Malamulo a gulu munalemba eti? Aliyense wotukwana pa msonkhano amalipira chindapusa. Alipiritseni onse awiri mofanana, muwerenge lamulolo mokweza, nkhani ithe. Mukayamba kunyengerera anthu mawa wina adzatukwananso podziwa kuti palibe chimene chichitike.

Bambo a Tadala:
Kwathu munthu akalephera kubweza timapita gulu lonse kukatenga mbuzi kapena malata mpaka ndalama ikwane. Pitani mukatenge matumba a mbatatesiwo mukagulitse, wa golosale apeze ngongole yake. Akaona ndalama apsa mtima ndi chiyaninso?

NaNkhoma wa ku Lizulu:
Bambo a Tadala, zikomo, koma ngongoleyi sinafike polanda katundu. Kwathu timapereka miyezi itatu, iye ali mwezi wachiwiri ndipo sanakane kubweza. Chimene ndikufunsa ndi cha anthu awiriwa, kuti akhalenso pa mphasa imodzi.

Aphunzitsi opuma a ku Bembeke:
Mayi NaNkhoma, ndawerenga kawiri zimene mwalemba. Ndakhalapo wapampando wa magulu ngati amenewa, ndiponso milandu ya kumpingo ndaikhalira zaka zambiri, ndiye ndiloleni nditalikitseko.

Choyamba ndikuuzeni chifukwa chake mawu anu aja akuti "nonse mwalakwa" anakolezera moto. Inu mumafuna kuonetsa kuti simukukondera. Koma taganizani mmene aliyense anawamvera. Wa golosale anamva kuti funso lake la ndalama yolowa usiku mwalikwirira, ndipo wolikwirira ndi mlamu wake wa wokongolayo. Wa mbatatesi anamva kuti amutcha wakuba pagulu ndipo mlamu wake yemwe sanamuteteze. Onse anachoka akudziwa mumtima kuti sanamvedwe. Munthu wopsa mtima mukamuweruza asanamalize kulankhula, amakweza mawu kuti mwina tsopano mumumve.

Pa nthawi yoteroyo wapampando asaweruze kanthu. Ntchito yake ndi kuimitsa basi. Ine ndinkachita chonchi: ndimaimirira, ndimauza mlembi atseke buku, osunga makiyi atseke bokosi, n'kunena kuti "tipume kaye, ndalama sitigwira mpaka tikhale chete." Bokosi likatsekedwa amayi ena 20 aja amasiya kuonerera, chifukwa tsopano mkanganowo ukuchedwetsa masheya awo, ndiye amayamba kukuthandizani kutontholetsa. Kenaka mayi mmodzi wachikulire atenge wina apite naye kuseri, wina atenge mnzakeyo. Inu musatsate aliyense wa iwo, chifukwa amene mwamutsatira ndiye gulu liziti ndi wanu.

Koma zimenezo zapita. Za Lachinayi likubwerali, musadikire Lachinayilo. Mkangano umene unaphulika pagulu suzizirira pagulu. Aliyense wa iwo ali ndi anthu ake amene akuyembekeza kuona ngati agonje, ndiye pamaso pa anthu sangabweze mawu ngakhale mumtima akufuna. Aonedwe payekhapayekha kunyumba kwake, Lolemba kapena Lachiwiri.

Ndipo apite si inu. Kwa wa golosale mutume wachiwiri wanu ndi mayi mmodzi amene onse amamulemekeza. Inu mukapita, chilichonse chimene munganene adzachiyeza ndi chilamu chanucho. Lachinayi mukatsegule msonkhano, munene poyera kuti "nkhani iyi ikukhudza mlamu wanga, ndiye mpando ndaupereka kwa achiwiri anga mpaka ithe," mukakhale pansi ndi anzanu. Sikuti mwathawa udindo ayi. Mwachotsa chida chimene wina akanakumenyerani nacho.

Make Chikondi:
Aphunzitsi anena zoona pa za chilamu. Koma ine ndikuona kuti chachikulu ndi pemphero. Muwaitane onse awiri pakati, mupemphere, apepesane, agwirane chanza, muyimbe nyimbo. Ndife akhristu, sitiyenera kugona ndi mkwiyo. Kwathu ku Mvano timatero ndipo zimatha.

Aphunzitsi opuma a ku Bembeke:
Make Chikondi, pemphero ndi loyenera, ine sinditsegula nkhani popanda kupemphera. Koma kugwirana chanza kukabwera nkhani isanakambidwe, anthu amagwirana chifukwa cha manyazi ndi gulu. Mudzaona manja akugwirana koma maso akuyang'ana kumbali, ndipo sabata yotsatira wina adzatumiza masheya ake kudzera mwa mwana. Pepani sapoletsa chilonda ngati munga ukadali momwemo.

Muno muli nkhani zitatu zimene zalukana, ndipo otumidwawo apite akudziwa kuzimasula. Ina ndi ya ndalama, ina ndi ya mawu otukwana, ina ndi "uona" uja. Ya ndalama ndiyo yapafupi chifukwa ili ndi buku. Mayi NaNkhoma, tandiuzeni, K40,000 ija itachedwa kulowa m'buku, chiwongola dzanja cha mwezi wachiwiri munawerengera pa ndalama iti?

NaNkhoma wa ku Lizulu:
Aphunzitsi mwafika pomwe pali vuto. Mlembi anachotsa K40,000 pa K108,000, kutsala K68,000, n'kuika chiwongola dzanja pa yotsalayo, K13,600. Ndiye m'buku muli K81,600. Wa golosale akuti ayi, poti tsiku lobweza ndalamayo siinaoneke pa mphasa, ndiye kuti sinabwezedwe, chiwongola dzanja chikhale cha K90,000 yonse, K18,000. Mwa kuwerengera kwake mlamu wanga atsala ndi K86,000. Nkhaniyi anaiyambapo sabata ziwiri zapitazo koma tinaidumpha chifukwa nthawi inatha.

Aphunzitsi opuma a ku Bembeke:
Mwaona tsono. Kusiyana kwake ndi K4,400. Mawu akuti "mukudya ndalama usiku" abadwa pa K4,400 ndi pa funso limene munalidumpha sabata ziwiri zapitazo. Mayi ameneyu anafunsa mwaulemu osayankhidwa, kenaka tsiku limene amafuna ngongole anapeza bokosi lopepuka. Sindikuvomereza kutukwana kwake, koma pansi pa kutukwanako pali mfundo yoona. Mu banki mmudzi ndalama imalowa ndi kutuluka pamaso pa onse. N'chifukwa chake bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana, ndi owerenga ndalama awiri. Msungichuma kulandira ndalama kunyumba, ngakhale mwa chifundo chifukwa cha maliro, kunaswa dongosolo limenelo. Wokhala pa mpando Lachinayi anene zimenezi poyera, ndipo azinene ngati kulakwa kwa komiti, osati kwa wokongola. Wa golosale akamva kuti "munafunsa zoona, ife a komiti tinalakwa posakuyankhani," theka la mkwiyo wake litsika pomwepo. Ndipo wa mbatatesi naye ayeretsedwe poyera: msungichuma anene tsiku limene analandira, mlembi aonetse pamene analemba, owerenga atsimikize kuti m'bokosi simunasowe ngakhale tambala. Mawu akuti wakuba amachotsedwa ndi buku.

Za K4,400, awiriwo asakanganirane. Muone ngati malamulo anu akunenapo kanthu pa ndalama yoperekedwa kunja kwa msonkhano. Ngati sakunena, gulu livote, awiriwo atatuluka panja, ndipo chimene mwagwirizana chilembedwe kuti chikhale cha aliyense mtsogolo muno.

Mnyamata wa ku Ntcheu boma:
Ndiye aphunzitsi mukuti chindapusa chisakhalepo? Pamenepo ine sindikugwirizana nanu. Lamulo ndi lamulo.

Aphunzitsi opuma a ku Bembeke:
Chikhalepo, achimwene, mukunena zoona kuti lamulo likasiyidwa kamodzi limafooka. Ndasiyana nanu pa nthawi yake yokha. Chindapusa chikabwera poyamba, munthu amalipira n'kumati "ndagula ufulu wanga wolankhula," ndipo mkwiyo amapita nawo kunyumba. Chibwere kumapeto, aliyense atamvedwa. Nthawi zambiri pamenepo amatulutsa okha ndalamayo asanauzidwe.

Mlimi wa mpunga ku Golomoti:
Ine zoterezi zinandionekera ku sikimu kwathu. Amuna awiri anakangana pa madzi, wina anatsegula ngalande usiku pa tsiku la mnzake. Ine ndinali wapampando wa chigawo chathu. Ndinachita ngati mmene aphunzitsi akunenera, kuwaona payekhapayekha, koma ndinalakwa chinthu chimodzi. Nditachoka kwa woyamba ndinakauza wachiwiri zonse zimene mnzake ananena, ndimati ndikuthandiza kuti adziwe mmene winayo akumvera. Mwa zimenezo munali mawu akuti "munthu uja ndi waulesi kuyambira kale." Kutacha anakumana kumunda atanyamula makasu, zinatengera anthu anayi kuwaleretsa. Mpaka lero sapatsana moni, zaka zitatu tsopano. Ndiye otumidwawo muwachenjeze. Asanyamule mawu kuchoka nyumba ina kupita nyumba ina. Anyamule chokhacho chimene mwini wake wavomera kuti "ichi kamuuzeni."

NaPhiri wa ku Tsangano:
Bambo a ku Golomoti mwanena chinthu chachikulu. Ine ndifunse za mawu a amuna aja. Buku lingayeretse wa mbatatesi, koma wa golosale amuyeretsa ndani? Anamuchititsa manyazi pa banja lake pamaso pa amayi 20. Kaya ndi zoona kaya ndi zabodza, madzi akatayika saoleka. Ine ndikanakhala iyeyo sindikanabwereranso.

Aphunzitsi opuma a ku Bembeke:
Apa ndiye povuta zedi, mayi NaPhiri, ndipo sindinama kuti ndili ndi mankhwala ake. Chimene ndikudziwa ndi chakuti gulu lisayerekeze kufufuza ngati za amunawo ndi zoona. Imeneyo ndi nkhani ya ankhoswe, si ya banki mmudzi. Wina akangoyamba kuti "komatu ndi zoona," wapampando amudule nthawi yomweyo. Gulu likambe chimodzi chokha: mawu amenewa sanayenera kunenedwa pano.

Ndipo apa mayi NaNkhoma muli ndi ntchito imene wina sangaigwire. Kwa wa golosale musapite, koma kwa mlamu wanu pitani, ngati mlamu. Mumuuze kuti dzina lake liyeretsedwa pagulu ndi buku, koma mawu a banja la mwini ayenera kuwabweza yekha, ndipo ndi bwino apite kunyumba kwa mnzakeyo ndi mayi mmodzi wachikulire Lachinayi lisanafike. Kupepesa kwa pagulu pa nkhani yotere kumabwerezanso manyazi, chifukwa aliyense amakumbukira mawu aja. Pagulu angonena mwachidule kuti "ndinalankhula zosayenera, ndabweza," osawatchulanso.

Pa msonkhano penipeni, awiriwo asayang'anane polankhula. Aliyense alankhule kwa wokhala pa mpando, mnzake ali chete mpaka amalize. Akamaliza, wa pa mpando abwereze zimene wamva koma atachotsa minga. Wina akati "akudya ndalama usiku," iye anene kuti "ndamva kuti mukudandaula kuti ndalama inalandiridwa kunja kwa msonkhano, ndi choncho?" Akavomera kuti ndi choncho, ndiye kuti nkhani yasanduka yoti ingayankhidwe. Mudzadziwa kuti zikuzizira mukaona ayamba kutchula masiku ndi ndalama m'malo mwa "nthawi zonse" ndi "kuyambira kale." Koma mukamva wina wayamba kukumba za chaka chatha, kapena achibale awo ayamba kuyankhira, imitsani, mudzapitirize sabata ina. Mlandu suola.

Bambo a Tadala:
Nanga "uona" uja mukumusiya? Kwathu munthu akanena choncho timapita naye kwa amfumu tsiku lomwelo. Mwana wa wa golosale akangodwala malungo mwezi uno, mudzamva kuti wamulodza.

NaNkhoma wa ku Lizulu:
Chimenechi n'chimene chikundiopsa kwambiri, bambo. Ayamba kale kunong'ona kuchitsime.

Aphunzitsi opuma a ku Bembeke:
Bambo a Tadala apa mwaona patali. Mawu amenewo asasiyidwe akulendewera. Mayi NaNkhoma, mlamu wanuyo afunsidwe pamaso pa mboni ziwiri kuti ankatanthauza chiyani, ndipo anene yekha kuti unali mkwiyo chabe, alibe cholinga choipa pa mnzake kapena pa ana ake. Zimenezi zikhale mbali ya kupepesa kuja. Komanso anong'onong'o aja akumbutsidwe kuti lamulo la dziko lino la za ufiti, la 1911, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo wonenayo ndi amene amapalamula. Tamva kangati za agogo omenyedwa chifukwa cha mphekesera zoyamba ngati zimenezi.

Kwa amfumu ine sindingathamangireko tsopano. Nkhani ikafika pabwalo imakhala ya mudzi wonse, pamakhala wopambana ndi wogonja, mwinanso nkhuku kapena mbuzi, ndipo za amuna zija zidzakambidwa pamaso pa anthu ambiri kuposa 22. Koma amfumu muwadziwitse mwakachetechete kuti pali nkhani yotere ndipo mukuyesa kuikonza. Mlamu wanu akakana kubweza mawuwo, kapena wina akaopseza kumenya, pamenepo yakukulirani, ipite kwa amfumu kapena kwa a chitetezo cha m'mudzi.

Make Chikondi:
Ine ndikuonabe kuti mukuchulutsa njira. Anthu awa akhala limodzi zaka, akhululukirana. Koma chabwino, yesani, tikupemphererani.

NaPhiri wa ku Tsangano:
Funso lina. Ngati wa golosale atanena kuti ndipatseni masheya anga ndizipita, mutani? Musaiwale kuti ngongole imene amafuna sanaipeze, katundu sanaode. Njala ya geni imawawa kuposa mawu nthawi zina.

Mnyamata wa ku Ntcheu boma:
Magulu ambiri salola kutenga masheya ndi phindu pakati pa chaka. Akachoka amatenga zimene anasunga zokha, kapena amadikira tsiku logawana. Muone malamulo anu. Koma ine ndikanamuika patsogolo pa mzere wa okongola Lachinayi likubwerali, poti iye ndiye anabwerera chimanjamanja. Sikumugula ayi, ndi nthawi yake ndithu.

Aphunzitsi opuma a ku Bembeke:
Achimwene apa mwanena bwino kuposa ine. Bola chinenedwe ndi mlembi ngati dongosolo la mzere, chisaoneke ngati mphotho ya kukuwa.

NaNkhoma wa ku Lizulu:
Abale, ndabweranso kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Lolemba ndinapita kwa mlamu wanga. Poyamba anandikalipira kuti ndinamutaya pagulu. Ndinangokhala chete mpaka analira, kenaka anati chimene chinamuwawa n'chakuti K40,000 ija anachita kugulitsa nkhumba yake yaing'ono kuti asachedwe kubweza, n'kumutchanso wakuba. Za "uona" anavomera msanga kuti unali mkwiyo, ananena pamaso pa achiwiri anga ndi agogo ena a m'gulu. Koma kupita kunyumba kwa mnzakeyo anakana, akuti ayambe iyeyo poti ndiye anayamba.

Achiwiri anga anapita kwa wa golosale Lachiwiri. Anawalandira, anamva kuti a komiti tavomera kulakwa, anati zikomo. Za amuna ake sanafune n'komwe kuti zitchulidwe.

Lachinayi ndinapereka mpando monga munanenera aphunzitsi. Msungichuma anafotokoza, buku linawerengedwa, ndalama zinakwana. Awiriwo atatuluka gulu linavota kuti ngongole ikhale K81,600 poti ndalamayo inaperekedwadi nthawi yake, koma kuyambira pano wolephera kubwera azituma mnzake kuti adzapereke pa mphasa, msungichuma asalandirenso kunyumba. Wa golosale atauzidwa anangoti "chabwino, bola zalembedwa." Anabweza mawu ake akuti tikudya ndalama. Mlamu wanga naye anati "ndinalankhula zosayenera," koma ananena akuyang'ana pansi, ndipo mnzakeyo sanayankhe. Onse analipira K1,000 ya chindapusa. Wa golosale wapeza K70,000, yotsalayo sabata ya mawa. Sanagwirane chanza, ndipo sitinawakakamize. Pobwerera aliyense anadzera njira yake.

NaPhiri wa ku Tsangano:
Wabwera ndipo wakongola, ndiye kuti sakuchoka msanga. Koma chilonda cha amuna chija chikadalipo. Amene wakhala naye pafupi azimuyendera.

Mlimi wa mpunga ku Golomoti:
Mayi NaNkhoma, sabata ya mawa muonetsetse malo okhala. Anthu anga aja ndinawasiya akhale mbali ziwiri zosiyana, achibale awo n'kumakhala nawo, mpaka msonkhano unasanduka magulu awiri. Ngati kale ankakhala mosakanikirana, musalole kuti zisinthe.

NaNkhoma wa ku Lizulu:
Kwathu timakhala motsatira manambala a m'buku, iwo ndi 7 ndi 15, ndiye pakati pawo pali anthu. Chimene sindikudziwa n'chakuti mpando ndiutengenso sabata ya mawa kapena ndiwasiyire achiwiri anga mpaka mlamu wanga amalize ngongole. Aphunzitsi mukadzuka mundiyankhe, Lachinayi silili patali.